Samu ya M'chiganizo: Pensulo Iyambe Yadikira

Lembani samu iyi pabolodi m'kalasi ya Sitandade 3 kapena 4: "Chikondi ali ndi mango 23. Mango akewo ndi ochuluka ndi 8 kuposa a Mphatso. Kodi Mphatso ali ndi mango angati?" Musanaike n'komwe choko pansi, manja amakhala ali kale m'mwamba, zala zikulira. "Ine aphunzitsi! Ine aphunzitsi!" Mukaloza mmodzi, amaimirira ndi chimwemwe chonse n'kunena kuti 31. Anzake ambiri amavomereza, ena mpaka kuyamba kuwomba m'manja.

Yankho loona ndi 15. Chopweteka mtima n'chakuti mwana amene wanena 31 uja si mbuli ya masamu. Wawonkhetsa 23 ndi 8 molondola, ndipo wasunga 1 pamalo pake monga anaphunzitsidwira. Mwina ndi yemweyo amene Loweruka amagulitsa zitumbuwa za amayi ake pamsewu n'kumabweza chenje osaphonya. Mukamupatsa mango enieni n'kumuuza kuti ake aposa a mnzake, sangaganize zoti mnzakeyo ndiye ali ndi ambiri. Koma nkhani yomweyo ikalembedwa pabolodi n'kutchedwa samu, mwanayo amasiya nzeru zake zonse pakhomo. Waona manambala awiri, waona mawu oti "ochuluka", wawonkhetsa, watha.

Vutoli si lathu lokha. Cha m'ma 1980, akatswiri a kaphunzitsidwe ka masamu mumzinda wa Grenoble ku France anapatsa ana a pulayimale funso lakuti m'ngalawa muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10, ndiye kodi woyendetsa ngalawayo ali ndi zaka zingati. Pa ana 97, ana 76 anapereka yankho pogwiritsa ntchito manambala awiriwo, ndipo yankho lotchuka linali 36. Funsoli lilibe yankho, koma anawo anali ataphunzira kale lamulo limene palibe mphunzitsi amalinena mokweza: samu iliyonse ili ndi yankho, yankholo limachokera ku manambala amene ukuwaona, ndipo wochenjera ndi amene wamaliza msanga.

Lamulo limeneli timaphunzitsa ndife, ndipo ine ndinaliphunzitsapo. Ndinkapachika pakhoma tchati cha mawu otsogolera: ukaona "onse pamodzi" wonkhetsa, ukaona "atsala" chotsera, ukaona "aliyense" gawa. Tchaticho chinkathandiza pa masamu ambiri a m'buku, chifukwa masamuwo analembedwa mowongoka. Koma chinkaphunzitsanso ana kuti nkhani safunika kuimva, angofufuzamo liwu limodzi ngati nkhuku yofukula padzala. Taonani samu iyi: "Mavuto anadya nthochi 4 ndipo zatsala 9. Anali ndi nthochi zingati poyamba?" Mwana wokhulupirira tchati chija aona "zatsala", achotsera, apeza 5. Ndiye kuti munthu anali ndi nthochi 5, wadyapo 4, zatsala 9. Mwanayo saona chodabwitsa chilichonse, pakuti sanabwererenso ku nkhaniyo.

Mankhwala ake si kuwonjezera masamu ambiri a mtundu womwewo. Mwana amafunika njira imodzi yodziwika, ya masitepe ochepa, imene aziyenda tsiku ndi tsiku pa samu iliyonse ya m'chiganizo mpaka ikhale chizolowezi, monga amadziwira kuti asanadye nsima amayamba wasamba m'manja. Ntchito yaikulu ya njirayo ndi kuchedwetsa dzanja, kuti kuwerengera kusayambe nkhani isanamveke.

Maganizo amenewa ali ndi mwini wake wodziwika. George Pólya, katswiri wa masamu wobadwira ku Budapest m'dziko la Hungary, amene pambuyo pake anaphunzitsa pa yunivesite ya Stanford ku America, anatulutsa kabuku mu 1945 kofotokoza mmene munthu angalimbanirane ndi funso la masamu. Anaika magawo anayi: limvetse funsolo, konza njira, itsate njirayo, kenako yang'ana m'mbuyo. Magawowa ndi abwino, koma mwana wa zaka 9 mukamuuza kuti "konza njira" amangokuyang'anani. Amafuna chinthu choti achite ndi pakamwa kapena ndi dzanja. N'chifukwa chake ine ndimawasandutsa mawu asanu olamula, amene ana angathe kuwawerenga pa zala za dzanja limodzi: werenga, fotokoza, jambula, werengera, bwerera. Mphunzitsi wina angasankhe mawu ena kapena masitepe anayi, palibe cholakwa. Chofunika n'chakuti akasankha asamasinthesinthe, ndipo zingakome kwambiri sukulu yonse itagwirizana mawu amodzi, kuti mwana akachoka Sitandade 3 kupita 4 asakayambenso zachilendo.

Tiyeni tibwerere ku mango aja, tiyende nawo bwinobwino.

Poyamba mapensulo onse amagona pansi, ndipo izi ndimazinena motsindika. Samu imawerengedwa kawiri. Ulendo woyamba ndi wongomva nkhani, ndipo nthawi zambiri ndimaphimba manambala ndi dzanja kapena ndi kapepala, n'kuwerenga kuti: Chikondi ali ndi mango. Mango akewo ndi ochuluka kuposa a Mphatso. Kodi Mphatso ali ndi mango angati? Manambala akabisika, mwana alibe choti athamangire, ndiye amakakamizika kumvera. Ulendo wachiwiri ndi pamene manambala amaonekera.

Sitepe yachiwiri ndiyo mtima wa njira yonse, ndipo ndi imene aphunzitsi otanganidwa amailumpha. Mwana atembenukire mnzake, asayang'ane pabolodi, anene nkhaniyo m'mawu akeake. Kenako ayankhe mafunso atatu omwe sasintha: nkhaniyi ikukamba za yani ndi chiyani, tikudziwa chiyani, nanga akutifunsa chiyani? Pa samu zoyerekeza zinthu ziwiri ndimawonjezera funso lachinayi.

"Ndani ali ndi mango ambiri?"

"Chikondi, aphunzitsi."

"Wadziwa bwanji?"

"Akuti ake ndi ochuluka kuposa a Mphatso."

"Tsono yankho lathu likhala loposa 23 kapena lochepera 23?"

Apa m'kalasi mumayamba mwakhala kachete, kenako mumamva wina kumbuyo akuti, "Aa, lochepera!" Mwana uja anati 31 amadzigwira pakamwa yekha. Palibe amene wamuuza kuti walakwa, ndipo palibe amene wawerengera kanthu. Funso loti yankho likhala lalikulu kapena laling'ono ndi lotsika mtengo kwambiri pa zida zonse za mphunzitsi wa masamu: silifuna buku, silifuna choko, ndipo limatseka njira ya mayankho ambiri olakwa pensulo isanagwiridwe.

Pa sitepe ya kufotokoza yomweyi ndimauza ana alembe chiganizo cha yankho chokhala ndi mpata: "Mphatso ali ndi mango ____." Kachiganizo kameneka kamaoneka kachabe, koma kamagwira mwana kuti asaiwale chimene akufuna. Pa samu zazitali ana ambiri amawerengera bwino gawo loyamba, n'kulemba nambala imene apezayo ngati yankho, funso lenileni lisanayankhidwe.

Tsopano kujambula. Mukangoti "jambulani", ana ena amatha mphindi khumi akukongoletsa mtengo wa mango, masamba ake ndi Chikondi atavala diresi. Chojambula chimene tikufuna ndi cha kuchuluka kwa zinthu, osati cha maonekedwe ake. Njira imene yandithandiza koposa ndi ya timabokosi totalika, imene inakhazikitsidwa m'sukulu za ku Singapore kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 ndipo inafalikira m'mayiko ambiri. Mwana amajambula bokosi lalitali mopingasa, n'kulemba dzina la Chikondi kumanzere ndi 23 pamwamba pake. Pansi pake, kuyambira pamzere womwewo wa kumanzere, amajambula bokosi la Mphatso. Asanalijambule ayenera kusankha: likhale lalitali kapena lalifupi kuposa la Chikondi? Anayankha kale kuti Chikondi ndiye ali ndi ambiri, ndiye la Mphatso likhala lalifupi. Kampata kotsala pakati pa mapeto a mabokosi awiriwo ndiye 8 uja. M'bokosi la Mphatso amaikamo chizindikiro cha funso.

Akafika apa, mwana safunikanso kuuzidwa kuti achotsere. Maso ake akuona kuti bokosi lalifupi ndi kampata kaja zikaphatikizana zikukwana bokosi lalitali. Amalemba 23 − 8 = 15. Wina amayambira pa 8 n'kuwerenga chokwera mpaka 23, napezanso 15, ndipo ameneyo asakanizidwe, chifukwa waona chinthu chomwecho kuchokera mbali ina.

Kwa ana a Sitandade 1 ndi 2 mabokosi asafulumire. Iwo ayambe ndi zitsekerero za mabotolo, timiyala, nthanga za bwemba kapena timitengo, azindandalika m'mizere iwiri, china moyang'anizana ndi chinzake. Kenako ajambule timadontho m'malo mwa miyalayo, ndipo pambuyo pake azinge timadonthoto ndi bokosi. Tsiku limene manambala akula kufika 230 ndi 80, mwana amaona yekha kuti timadontho tatopetsa, ndipo bokosi lopanda kanthu m'kati limalandiridwa mosavuta. Kope likasowa, panja pali mchenga, ndipo chala chimajambula bokosi labwino ndithu.

Sitepe yomaliza ndi kubwerera. Ana ambiri, ngakhale akuluakulu, amaganiza kuti kubwerera ndi kuwerengeranso samu yomweyo kachiwiri. Mwana amene analemba 23 + 8 akawerengeranso apezanso 31, n'kukhutira. Kubwerera kwenikweni ndi kutenga yankho n'kulilowetsa m'nkhani: Mphatso ali ndi mango 15, Chikondi ali ndi 23. Kodi a Chikondi ndi ochuluka? Inde. Ndi angati? Ndi 8. Nkhani yagwirizana. Yesani ndi 31: Mphatso ali ndi 31, Chikondi 23, kodi a Chikondi ndi ochuluka? Ayi. Mwana amene waphunzira kuchita zimenezi wapeza chinthu chachikulu, chifukwa safunikanso kudikira cholembera chofiira kuti adziwe ngati wakhoza.

Mango ndi samu yaing'ono. Mphamvu ya njirayi imaoneka bwino pa samu ya magawo angapo, ngati iyi ya Sitandade 4 kapena 5: "Mayi Phiri anapita kumsika ndi K5,000. Anagula milu 3 ya tomato pa mtengo wa K700 mulu umodzi, ndiponso anagula sopo. Anabwerera kunyumba ndi K1,400. Kodi sopoyo anamugula ndalama zingati?"

Muli manambala anayi, ndipo mwana wothamanga amachita nawo zodabwitsa. Wina amawonkhetsa onse. Wina amachotsera 700 ndi 1,400 pa 5,000 n'kupeza K2,900, chifukwa 3 uja wamuona ngati wosafunika. Wina amachulukitsa 700 ndi 3, napeza K2,100, n'kuima pomwepo mosangalala. Wina amafika pa 5,000 − 1,400 = 3,600 n'kunena kuti ndiwo mtengo wa sopo.

Woyenda m'njira yathu amayamba ndi kufotokoza: amayi anali ndi ndalama, zina zapita ku tomato, zina ku sopo, zina abwera nazo. Akutifunsa za sopo. Amalemba kuti, "Sopo anamugula K____." Yankho likhala loposa K5,000? Sizingatheke, amayiwo analibe ndalama zoposa pamenepo. Kenako amajambula bokosi limodzi lalitali, pamwamba pake K5,000, n'kulidula zigawo. Apa m'pamene funso labwino limabadwa: tomato atenga zigawo zingati? Milu ndi itatu, ndiye timabokosi titatu tofanana, kalikonse 700. Kenako chigawo cha sopo chokhala ndi chizindikiro cha funso, ndipo kumapeto chigawo cha 1,400. Chithunzi chikatha, njira yaoneka: tomato ndi 3 × 700 = 2,100; zodziwika zonse ndi 2,100 + 1,400 = 3,500; sopo ndi 5,000 − 3,500 = 1,500. Pobwerera, mwana amawonkhetsa 2,100, 1,500 ndi 1,400, napeza 5,000 imene amayi anachoka nayo pakhomo.

Ndimalimbikira kuti nambala iliyonse imene mwana wapeza pakati pa ulendo aipatse dzina. Asangolemba 2,100, alembe "tomato yense, K2,100". Amene waitcha dzina nambala yake sangaipereke ngati mtengo wa sopo.

Phindu lina la njira yokhazikika limagwera mphunzitsi mwini. Mwana akalemba yankho lolakwa popanda china chilichonse, mphunzitsi amangodziwa kuti walakwa, osadziwa kuti wagwera pati. Mu 1977 mphunzitsi wina wa ku Australia, Anne Newman, anafotokoza kuti mwana woyankha samu ya m'chiganizo amadutsa pa zipata zisanu: kuwerenga mawu, kumvetsa chimene akufunsidwa, kusandutsa nkhani kukhala samu, kuwerengera, ndi kulemba yankho moyenera. Anapeza kuti zolakwa zambiri zimachitika mwana asanafike n'komwe pa kuwerengera. Njira yake yofufuzira ndi yapafupi: khalani ndi mwana mmodzi, mumupemphe awerenge funso mokweza, anene chimene likufuna, anene mmene achitire, achite mukuona, kenako alembe yankho. Pamene wayamba kukakamira, pamenepo ndiye pali bala.

Taganizani ana anayi amene onse alephera samu ya Mayi Phiri. Woyamba akukakamira pa liwu loti "anabwerera", akuliwerenga chilembo chimodzichimodzi, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala chiyambi chake. Ameneyu mukamuwerengera samuyo mokweza amaikhoza. Vuto lake ndi kuwerenga, ndipo kumupatsa masamu ena makumi awiri ndi kumulanga pa mlandu wina. Wachiwiri amawerenga mosadodoma, koma mukamufunsa chimene akufunsidwa akuti "ndalama zimene anatsala nazo". Wachitatu wafotokoza nkhani bwino, koma m'chojambula chake muli kabokosi kamodzi kokha ka tomato. Wachinayi wajambula zonse molondola, koma pochotsera 3,500 pa 5,000 wapeza 2,500 chifukwa kubwereka kumamusokoneza. Onse anayi alandira chizindikiro chofanana cha cholembera chofiira, koma aliyense akufuna thandizo lakelake. Ana akazolowera kusiya mapazi awo m'kope, chiganizo cha yankho, chojambula ndi samu, mphunzitsi amatha kuona zimenezi akungodutsa pakati pa mizere. Ndipo pochonga ndi bwino kupereka malikisi pa chojambula cholondola ngakhale yankho litaphonyeka, chifukwa ana amalemekeza chimene chimalandira malikisi.

Nkhani ya chiyankhulo ndi yaikulu kwathu kuno. Ana ambiri amayamba masamu m'Chichewa, ena mwa iwo kunyumba akuyankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena, ndipo kuyambira Sitandade 5 mabuku amakhala a Chingerezi. Mayeso a Sitandade 8, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, amafunsanso masamu m'Chingerezi. Mwana amene akulimbana ndi chiyankhulo ndiye amakopeka kwambiri ndi mawu otsogolera aja, chifukwa liwu limodzi lodziwika lili ngati thabwa kwa munthu amene akumira. Apa sitepe ya kufotokoza imakhala mlatho. Funso liwerengedwe m'Chingerezi monga lalembedwera, koma mwana aloledwe kulifotokoza m'chiyankhulo chimene amaganizira. Ngati angathe kuuza mnzake m'Chichewa zimene zachitika kumsika kuja, wamva. Ngati angobwereza mawu a Chingerezi monga alili, simungadziwe ngati wamva kapena wangoloweza.

Ngakhale m'chiyankhulo cha mwana mwini, kaikidwe ka mawu kamasintha zinthu. Mu 1983 wofufuza wina wa ku America, Tom Hudson, anaonetsa ana aang'ono chithunzi cha mbalame 5 ndi nyongolotsi 3. Atawafunsa kuti mbalame zaposa nyongolotsi ndi zingati, ambiri analephera. Atawafunsa kuti, mbalame iliyonse ikathamangira nyongolotsi, ndi mbalame zingati zimene zisowe, pafupifupi onse anakhoza. Samu ndi yomweyo, manambala ndi omwewo. Anawo ankatha kuyerekeza, chimene chinkawavuta ndi kanenedwe. Choncho mwana akakakamira pa mawu oti "kuposa", musafulumire kunena kuti sadziwa kuchotsera. Muuzeni andandalike miyala m'mizere iwiri, aone imene ilibe inzake, kenako mumuuze kuti imeneyo ndiyo "yoposa" ija.

Pali mtundu wina wa samu umene umaonetsa poyera ngati sitepe ya kubwerera yakhazikika, ndiwo kugawa kokhala ndi chotsala. Pa kafukufuku wina wa dziko lonse la America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ana a zaka 13 anafunsidwa kuti pakufunika mabasi angati kunyamula asilikali 1,128 ngati basi imodzi imanyamula 36. Ambiri anagawa molondola, koma amene anayankha kuti 32 sanakwane n'komwe mmodzi pa ana anayi alionse. Ochuluka kuposa amenewo analemba kuti mabasi 31, kutsala 12.

Ine ndimakonda kupereka samu ziwiri tsiku limodzi, za manambala ofanana. Yoyamba: ana 50 akhala pa madesiki, desiki lililonse ana atatu, pakufunika madesiki angati? Yachiwiri: telala ali ndi nsalu ya mamita 50, ndipo diresi limodzi limadya mamita 3, asoka madiresi angati? Kuwerengera n'kumodzi, 50 ÷ 3, ndipo kumapereka 16 kutsala 2. Koma ana awiri otsalawo sangakhale pansi, ndiye madesiki ndi 17. Mamita awiri otsalawo sakwana diresi, ndiye madiresi ndi 16. Ana amakangana kwambiri pa samu ziwirizi, ndipo mkangano umenewo ndimaulola utalike, chifukwa ndi pamene amazindikira kuti nambala siyankha yokha, nkhani ndiyo imagamula.

Mphunzitsi wa kalasi ya ana 90 kapena kuposa, ngati amene tili nawo ambiri chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, anganene kuti zonsezi n'zabwino koma nthawi palibe. Ndikumumvetsa. Komabe samu imodzi yoyendedwa bwino kwa mphindi khumi tsiku lililonse imapindula kuposa masamu khumi othamangitsidwa Lachisanu. Masabata awiri oyamba mphunzitsi amayenda njirayo yekha pabolodi akuganiza mokweza, ana akumva: "Ndawerenga, koma sindinamvetse, ndiwerengenso. Akundifunsa za sopo, osati za tomato." Nthawi zina alakwitse dala, ajambule bokosi la Mphatso lalitali, aone ngati ana amugwira. Kenako ana amayenda naye limodzi, iye akufunsa, iwo akuyankha. Pambuyo pake amagwira awiriawiri, wina akufotokoza, wina akujambula, mawa n'kusinthana. Awiriawiri ndi bwino kuposa magulu a ana khumi, mmene mmodzi amalemba ena asanu ndi anayi akuonerera. Pomaliza aliyense amayenda yekha, ndipo tchati cha masitepe chija chimachotsedwa pakhoma, chifukwa cholinga chinali choti chilowe m'mutu.

Masamu operekedwawo asakhale a mtundu umodzi. Ngati sabata yonse mutu ndi kuchotsera ndipo samu zonse za m'chiganizo n'zochotsera, mwana safunika kuwerenga, amadziwiratu chochita. Sakanizani. Sinthaninso malo a chosadziwika: lero chikhale kumapeto kwa nkhani, mawa pakati, mkuja pachiyambi ngati nthochi za Mavuto zija. Nthawi zina ikanimo nambala yosafunika, monga zaka za Mayi Phiri. Kamodzikamodzi perekani funso lopanda yankho ngati la ngalawa lija, ndipo muyamikire poyera mwana woyamba kunena kuti, "Aphunzitsi, samu iyi siingatheke."

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena. Siphunzitsa mwana kuchulukitsa ngati sadziwa kuchulukitsa, ndipo silowa m'malo mwa phunziro la kuwerenga. Choopsa kwambiri n'chakuti nayonso ikhoza kusanduka mwambo wopanda moyo. Ndinaonapo kalasi imene ana ankaimba masitepe asanu mokoma, manja akuwomba, kenako n'kuwonkhetsa manambala onse monga kale. Ndinaonanso makope mmene mwana anayamba wapeza yankho, kenako n'kujambula bokosi pansi pake kuti akondweretse aphunzitsi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: chojambula sichigwirizana ndi samu imene yalembedwa, kapena mabokosi onse ndi ofanana kutalika ngakhale manambala ndi osiyana kwambiri. Mukaona zimenezi, bwererani ku masamu opanda manambala kwa masiku angapo, ana azingofotokoza ndi kujambula. Komanso mwana amene waona yankho la samu yapafupi nthawi yomweyo, ndipo angathe kufotokoza chifukwa chake, musamukakamize kujambula. Mupatseni samu yovutirapo, imene iyeyo aone yekha kuti bokosi likumuthandiza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumene tikufuna ndi kwa maganizo, osati kuchulutsa zolemba.

Makolo nawonso ali ndi gawo, ngakhale amene sukulu anaisiyira panjira. Mwana akabwera ndi samu ya m'chiganizo madzulo, simufunika kudziwa yankho. Muuzeni atseke kope, akuuzeni nkhaniyo ngati akukuuzani zimene waona kumsika. Mufunseni chimene akufunsidwa. Mufunseni ngati yankho likhala lalikulu kapena laling'ono kuposa nambala imene ili m'nkhanimo. Akamaliza, mufunseni ngati zimene wapezazo zingachitikedi: sopo wa K9,000 kwa munthu amene ananyamula K5,000, kapena madesiki 16 ndi ana awiri oimirira. Ndipo inu aphunzitsi, mawa mukalemba samu pabolodi manja n'kukwera nthawi yomweyo, musaloze aliyense. Auzeni atsitse manja, aike mapensulo pansi, ndipo wina ayambe wakuuzani kuti ndani ali ndi mango ambiri.